Kuchotsa khoma kumbuyo kwa munthu pachithunzi, ndi foni yokha

Tadala: Akuluakulu, ndangoyamba kumene zokonza maposita. Kasitomala watumiza chithunzi ataima pakhoma loyera, shati yoyeranso, ndipo akufuna khomalo lichoke kuti akhale pa buluu. Kompyuta ndilibe, foni ya Android basi. Ndiyambire pati?

Gama: Ikani Background Eraser, ndi yaulere. Mukatsegula chithunzi, iyamba yakupatsani mpata wodula m'mbali. Dulani mpaka munthuyo atsale pang'ono kukhudza malire, chifukwa khoma lililonse limene mwasiya ndi ntchito imene mwadzisungira.

Kenako dinani Auto. Muona kachizindikiro kolozera kali pamwamba pang'ono pa chala chanu. Anakaika dala choncho kuti chala chisaphimbe pamene mukufufuta, ndiye yang'anani kachizindikiroko, osati chala. Kaikeni pakhoma, patali ndi munthu, n'kuchotsa chala. Pulogalamuyo ifufuta malo onse ofanana mtundu ndi pamene mwalozapo, ndipo pofufutidwapo paoneka timabokosi, kusonyeza kuti palibenso kanthu.

Vuto lanu lili pa shatiyo. Auto sidziwa kuti uyu ndi munthu, ili ndi khoma, imangoona mtundu. Mukasiya pamwamba Threshold, imene imauza Auto kuti mitundu ifanane motani kuti ifufutidwe pamodzi, idya khoma n'kulowerera paphewa mpaka kolala. Itsitseni, muzifufuta khoma pang'onopang'ono, kanayi kapena kasanu, ndipo musiye kamzere ka khoma kuzungulira shati. Kamzereko muchotse ndi Manual, mutakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, chofufutira mutachichepetsa. Mukadya phewa musayambirenso, Repair imabwezeretsa pamene mwapaka.

Mphatso: Zonsezo n'zachiyani achimwene? Pitani pa remove.bg, ikani chithunzi, masekondi ochepa zatheka, ndipo shati yoyera siisokoneza. Sungani, mutumize pa WhatsApp.

Nachisale: A Mphatso, pa shatipo mwalondola, iyo imazindikira munthu osati mtundu wokha. Koma chaulere chimene imakupatsani n'chaching'ono, pafupifupi mapikiselo 625 kwa 400. Posindikiza bwino timawerengera madontho 300 pa inchi, ndiye chimenecho chingokwana masentimita 5 m'litali. Pasikirini ya foni chioneka chakuthwa, papepala la A4 nkhope ichita mabokosimabokosi. Cha masentimita 10 chimafuna mapikiselo pafupifupi 1,200.

Za WhatsApp ndiye ayi ndithu. Chithunzi chopanda kumbuyo chimasungidwa ngati PNG, chifukwa JPG sidziwa malo oonekera, imadzazapo zoyera kapena zakuda. Mukatumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachifinya n'kuchisandutsa JPG, ntchito yonse yapita. Tumizani ngati Document. Kasitomalanso mumuuze atumize choyambacho mwa njira yomweyo.

Yamikani: Ine ndimangogwiritsa Portrait ya pakamera, kumbuyo konse kumachita chimbuuzi, munthu n'kuoneka yekha.

Nachisale: Kumeneko n'kubisa khoma, silinachoke. Pa buluu simungamuike.

Tadala: Ndatsatira za a Gama, ndasunga. Koma mu Gallery kumbuyo kukuoneka kwakuda bii. Ndiye ndamuika pa buluu, kuzungulira mutu ndi mapewa kwatsala kamzere koyera ngati ndamudula ndi lumo. Ndalakwitsa pati?

Gama: Zakudazo musade nazo nkhawa, ma Gallery ambiri amaonetsa malo oonekera choncho. Poti pa buluu wakhala bwino, fayilo ili bwinobwino.

Kamzere koyerako n'kamene kamavutitsa aliyense. M'mphepete mwa munthu madontho amakhala osakanikirana, theka tsitsi theka khoma, ndiye Auto imawalumpha. Pa timabokosi totuwa simungawaone. Musanamalize, sinthani mtundu wakumbuyo m'pulogalamumo ukhale wakuda, zotsalira zonse zionekera poyera, kuphatikizapo zapakati pa mkono ndi thupi ndi mthunzi wa pansi pa khutu. Mukadina Done pabwera Smooth. Yambani ndi 1 kapena 2. Mukakweza kwambiri imadya m'mphepete, makutu ndi zala n'kuoneka ngati zasungunuka.

Mphatso: Nanga tsitsi lotakasuka, loti khoma likuonekera m'katikati mwake? Ndi Manual mungachezere usiku wonse.

Gama: Pamenepo ine ndimadula molowa pang'ono m'tsitsi, mutu ukhale ndi mzere wosalala, timatsitsi touluka tipite.

Nachisale: Ine ayi, mutu umaoneka ngati chipewa, mwini wake amazindikira msanga. Bola kusankha buluu wowala kuti zoyerazo zisaonekere kwambiri. A Tadala, tsitsi la kasitomala wanuyo ndi lometa kapena lalitali?

Tadala: Ndi lometa. Smooth 2 yachotsa kamzere kumutu, kwatsala paphewa lakumanzere pokha. Ndikubwerera ku Manual.