Thandizeni, mabatani ena a laputopu asiya kulemba

Wofunsa (Bangula): Akuluakulu thandizeni. Mwana wa achemwali wagunda kapu, zonse zathera pa laputopu yanga. Ndanena kangati kuti asamasewere patebulo, koma mayi ake amamuikira kumbuyo. Ngongole ya laputopuyi sindinamalize, malipoti akufunika Lolemba. Mabatani a E, D ndi C sakulemba, ena onse ali bwino. Nditani?

Wokonza makompyuta (Nchalo): Mwadziwa bwanji kuti ena ali bwino? Ndiye kuti ikadali yoyaka! Zulani chaja, dinikizani batani loyatsira masekondi 10 mpaka izime. Ngati batire ndi lochoka, lichotseni. Mukatero iimikeni chozondotsa pa thaulo, yotsegula ngati denga la nyumba, mabatani ayang'ane pansi kuti madzi atsike. Chimene chimapha bolodi yam'kati ndi madzi akakumana ndi magetsi. Komanso mukapumo munali chiyani?

Mayi wa ku Ngabu: Ikani mu mpunga achimwene. Foni yanga inagwera mu ndowa, inadzuka.

Wokonza makompyuta: Mayi, mpunga ndi wophika. Sungakoke madzi amene alowa mkati, umangosiyamo fumbi. Kunsi kwa mabatani kuli timapepala ta pulasitiki tosanjikizana, tokhala ndi timizere topyapyala todutsa magetsi. Mzere umodzi umatumikira mabatani angapo, nchifukwa chake E, D ndi C afera limodzi. Madzi akalowa pakati pa timapepalato amalumikiza mizere yosayenera kukhudzana, ndipo akakhalitsa amaidya mpaka kuduka.

Mphunzitsi (Chikwawa): Dzuwa lathu lino theka la tsiku yauma. Ingoyanikani pabwalo.

Wokonza makompyuta: Ayi aphunzitsi! Dzuwa la kuchigwa kuno limapinda mabatani, batire nalo silifuna kutentha. Ikhale pamthunzi, pafupi ndi fani, maola osachepera 48 osaiyatsa.

Mnyamata wa ku Nsanje: Vuto apa ndi mwanayo, mubwezereni kwawo kkkk

Mphunzitsi: Za dzuwa ndavomera, koma za maola 48 zimagwira akakhala madzi okha. Tiyi wa shuga kapena thobwa zikauma zimasiya zomata, mabatani amakakamira ndipo mizere imapitirira kudyeka. Zimenezo pafunika kutsegula lero lomwe, kuzula batire lam'kati, nkutsuka ndi sipiriti ya mtundu wa aisopuropilo ya maperesenti 90 kapena kuposa.

Wokonza makompyuta: Eya, apo mwalasa. Wotsegulayo aonenso pamene kalamba ka kiyibodi kamalowa mu bolodi. Pakakhala zoyera kapena zobiriwira, pamenepo padyeka. Ikadzauma, lumikizani kiyibodi ya USB. Ikalemba zilembo zonse koma yakeyo ayi, kawirikawiri ndi kiyibodi yokha yofunika kusintha, chifukwa mzere woduka sulumikizika wamba.

Mayi wa ku Ngabu: Kaya, koma yanga inadzuka.

Wofunsa: Zikomo nonse, ndazimitsa tsopano. Koma batire silikuoneka pochotsera, ndiye nditani?

Wokonza makompyuta: Ndi lam'kati limenelo, mpofunika sikuludiraiva. Musaiyatsenso. Achimwene, kachiwiri ndikufunsa: mukapumo munali chiyani?