Envulopu ya ku kiliniki yabwera ndi zomwe sitinapemphe, bwana akuti titenge wachiwiri

NaBanda wa ku Kanengo

Anzanga a zolemba anthu ntchito, ndithandizeni maganizo lisanafike Lolemba. Timafuna dalaivala wa lole yonyamula katundu. Makalata anabwera 46, tinaitana anthu 6 ku intavyu ndi kuyesa chiwongolero. Woyamba anapeza malikisi 82, wachiwiri 71. Woyambayo ndinamupatsa kale kalata yomulemba ntchito, ndipo muli mawu oti ayamba pa 1 akayezedwa kuchipatala n'kupezeka kuti ntchitoyi angaithe.

Dzulo envulopu yabwera kuchokera ku kiliniki yomwe timatumizako anthu. Adokotala alemba kuti munthuyu ali bwino, angagwire ntchito. Koma kumbuyo aphatikiza pepala la magazi, ndipo pali zotsatira za HIV. Ali nako. Envulopuyo anatsegula ndi abwana ine ndili ku banki. Tsopano akuti ndimulembere kuti malo aja tawaimitsa kaye, kenako patapita sabata ziwiri ndiitane wachiwiri. Akuti dalaivala wa maulendo ataliatali sangamajombe kukatenga mankhwala. Mtima wanga ukukana, koma ndikawauza chiyani chogwirika?

Achimwene a Lole

Mayi, musavutike. Mulembeni, mumuike pa polobeshoni ya miyezi itatu. Zikavuta mumutsanzika mkati mwa polobeshoni, palibe angakufunseni. Ife timatero ndi aliyense amene tikumukayikira.

Gogo Chisale

Choyamba, NaBanda, musawonjezerenso kanthu pano za munthuyo, kaya kwawo kaya komwe ankagwira kale. Madalaivala a malole amadziwana, ndipo pagulu pano tilipo ambiri.

Tsono nkhani yanu. Zomwe abwana akufunazo lamulo limaletsa poyera. Ndime 5 ya Employment Act ya 2000 siteteza amene ali kale pantchito okha ayi, imatchulanso munthu amene akufunsira ntchito, ndipo kulemba ntchito ndi chinthu choyamba pa zomwe imati musachite mwatsankho. HIV siyotchulidwa dzina m'ndimeyo, koma khoti la za ntchito linagamula mu 2005, pa mlandu wa Banda ndi Lekha, kuti kuchotsa munthu chifukwa cha HIV ndi tsankho loletsedwa. Pamwamba pa apo pali lamulo la HIV ndi Edzi lomwe aphungu anavomereza mu Novembala 2017, lomwe limaletsa olemba ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti alembedwe. Ndiye vuto lanu silikuyambira pa kalata yomwe abwana akufunayi. Linayamba tsiku lomwe magazi aja anayezedwa.

Taonani momwe fayilo yanu ingaonekere pamaso pa khoti. Malikisi akuti 82 ndi 71. Kalata yomulemba ntchito inatuluka. Chomwe munadikira chinali chimodzi, mawu a dokotala, ndipo dokotala wavomera. Kenako envulopu ifika Lachinayi, Lolemba malo aimitsidwa, patapita sabata ziwiri wa 71 ali pa chiwongolero cha lole yomweyo. Pakati pa kalata yoyamba ndi yachiwiri chasintha n'chiyani kupatula pepala la magazi? Loya sadzavutika n'komwe, masiku okhawo adzalankhula. Ndipo siginecha ya pa kalata yabodzayo idzakhala yanu, osati ya abwana.

Achimwene a Lole, polobeshoni ndi yoyesera ngati munthu akuitha ntchito. Siyochapira chifukwa choletsedwa. Mukamuchotsa m'mwezi wachiwiri alibe cholakwa chilichonse cholembedwa, pepala lija lili mu kabati, mwangochedwetsa mlandu womwewo.

Achimwene a Lole

Chabwino agogo, za polobeshoni ndamva. Koma abwanawo sakulakwitsa zonse. Mankhwala aja amachititsa chizungulire. Tinali ndi dalaivala amene ankati akamwa usiku amalota zoopsa, m'mawa mutu uli zii. Munthu wotero mum'patse lole yodzaza atsike nayo pa Chiweta?

Sisitala wa pa esiteti

Ndilowererepo, ndine namwino pa kiliniki ya kuntchito. Zomwe mukunenazo zinalikodi, anali mankhwala akale okhala ndi efavirenz, ndipo chizungulirecho chinkavuta makamaka masabata oyamba. Kuyambira 2019 anthu ambiri m'Malawi muno anasinthidwira ku TLD, piritsi limodzi patsiku. Amene akumwa bwino ndipo kachilombo kagonja m'magazi amapatsidwa mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Ndiye kujomba komwe abwana akuopako mwina ndi m'mawa uwiri kapena unayi pa chaka. Wa BP amapita kuchipatala kuposa apo.

Kwa dalaivala, chomwe ine ndimayang'ana ndi maso, makutu, BP, shuga, ndiponso ngati anakomokapo kapena kugwa khunyu. Izi n'zomwe zingagwetse lole. Akakhala kuti akumwa mankhwala ogonetsa, kaya ndi a chiyani, dokotala ndi amene amaunika n'kunena kuti ayendetse kapena ayi. Kwa inu a ofesi kumayenera kubwera mawu amodzi: angathe, sangathe, kapena angathe koma azivala magalasi. Mapepala a magazi amatsala kuchipatala.

NaBanda, pa fomu yomwe munatumiza ku kiliniki munalemba kuti amuyeze chiyani? Nanga mwini wakeyo akudziwa kuti anayezedwa HIV?

NaBanda wa ku Kanengo

Asisitala mwandigwira pamenepo. Fomuyo ndinaipeza ndikubwera, ili ndi mzere umodzi wopempha kuti amuyeze thupi lonse ndi magazi onse. Sindinaiganizirepo. Zoti akudziwa kapena ayi, sindingathe kunena. Palibe pepala losonyeza kuti anavomera.

Sisitala wa pa esiteti

Ndiye samalani kwambiri. Mwina akudziwa kalekale ndipo ali pa mankhwala, mwinanso sanayezetsepo chibadwire. Musakhale inu womuuza zotsatira mu ofesi, pa desiki pali mafayilo a malipiro. Kuyeza HIV kumafuna kuti munthu avomere yekha ndipo alandire uphungu asanayezedwe komanso atayezedwa. Bwezani pepalalo ku kiliniki, iwo amuitane, akambirane naye monga mwa ntchito yawo.

Mphwanu wa ku Mzuzu

Pepani ndafika mochedwa. Ife pa malonda a ntchito ya madalaivala timalemba kuti zaka 25 mpaka 35, amuna okhaokha. Mukadatero bwenzi mavuto ngati awa mulibe, achinyamata sadwaladwala. Kapena nazonso n'zolakwika?

Gogo Chisale

Mphwanga, funso la NaBanda si limenelo, komanso wa zaka 28 akhoza kukhala ndi kachilombo chimodzimodzi. Koma poti mwafunsa: mawu oti amuna okhaokha achotseni lero lomwe. Amenewo akuphwanya ndime 5 ija mosabisa, ndiponso Gender Equality Act ya 2013. Mayi amene ali ndi layisensi yoyenera akadzanyamula nyuzipepala yanuyo kupita nayo ku ofesi ya leba, umboni mudzakhala mutamusindikizira nokha.

Za zaka n'zokulungika pang'ono. Ndime 5 sinatchule zaka zakubadwa pa mndandanda wake, n'chifukwa chake malonda otero adzaza m'nyuzipepala. Koma ili ndi mawu otsegula okamba za mkhalidwe wina uliwonse wa munthu. Ine ndimafunsa chinthu chimodzi: wa zaka 36 walephera chiyani chomwe wa 35 akutha? Ngati mukufuna maso akuthwa, yezani maso. Ngati mukufuna wozolowera msewu, lembani zaka zomwe wayendetsa lole.

Mphwanu wa ku Mzuzu

Za amayi ndavomera. Za zaka ndikanakonda kuona kaye wina atagwa nazo m'khoti, apo ayi abwana anga sangandimvere.

Malume a ku Joni

Kuno nkhani yofanana ndi yanuyi inafika ku khoti lalikulu loona za malamulo a dziko mu 2000, mlandu wa Hoffmann ndi South African Airways. Munthu anakhoza zonse zoti akhale wothandiza anthu m'ndege, anamukana atamuyeza magazi, khoti linalamula kuti amulembe ntchito. Si lamulo la kwathu, koma abwana ambiri akamva kuti kampani ya ndege inagonja amayamba kumvetsera.

Koma tisanamizane, NaBanda ndi wolembedwa ntchito nayenso. Kunena kuti kanani n'kosavuta kwa ife amene sitidya malipiro a kumeneko.

Gogo Chisale

Zoona malume, n'chifukwa chake sindikuti akakangane nawo. NaBanda, alembereni abwana kakalata kachidule, inu musunge kope. Munenemo kuti amene anapambana ndi uyu ndi malikisi awa, dokotala wavomereza, choncho mukupempha kuti ayambe pa 1 monga mwa kalata yake. Muwonjezere kuti kumubweza tsopano kungaike kampani pa mlandu pansi pa malamulo awiri aja. Za kachilombo musalembemo, ingonenani kuti kiliniki inatumiza zotsatira zomwe kampani siyiloledwa kugwiritsa ntchito. Ngati akufunabe kumubweza, apempheni akuyankheni polemba ndi chifukwa chake. Pa zaka zomwe ndakhala pa ntchitoyi, mabwana ambiri amene amalamula zotere pakamwa, cholembera chimawalemera.

Pepala la magazilo lisalowe mu fayilo yake, musalijambule, ndipo polibweza ku kiliniki asayinire kuti alandira. Muwakumbutsenso abwana kuti kuulula za munthu popanda chilolezo chake ndi mlandu pawokha pansi pa lamulo la HIV lija. Mawu amodzi kwa foromani, sabata isanathe galaja yonse yadziwa.

Fomu ija ing'ambeni. Yatsopano itchule ntchito yomwe munthu akukagwira ndi zoti ziyezedwe, ndipo envulopu izibwera m'dzina la munthu mmodzi.

Sisitala wa pa esiteti

Pamodzi pokha ndikusiyana nanu agogo. Munthuyo ayenera kuuzidwa kuti kuntchito kuli anthu awiri amene anaona pepala lake. Ndi zake zimenezo.

Gogo Chisale

Ndikumva, koma akamuuza asanayambe ntchito, adzalowa pageti ali ndi mantha, mwinanso osabwera n'komwe. Ine ndikanadikira kiliniki ithane naye kaye. Komabe sindikukana kuti kubisa mpaka kalekale n'kumulakwira.

NaBanda wa ku Kanengo

Zikomo nonse. Kakalata ndapereka m'mawa uno. Abwana awerenga, sanayankhe polemba, angoti abwere pa 1 tidzaona. Mawu oti tidzaonawo akundidetsa nkhawa, ndiye ndakonza kuti lipoti la polobeshoni yake lizidzazidwa mwezi ndi mwezi pa fomu yomwe timagwiritsa ntchito kwa madalaivala onse: mafuta, nthawi yofika, kasamalidwe ka lole. Pepala ndabweza, asayinira. A ku kiliniki akuti iwo anangotsatira fomu yathu, ndawafunsa za chilolezo cha mwini wake, akuti andiimbira.

Ndatsegula kabati ya mafayilo akale masana ano. Mwa madalaivala ndi makaniki omwe analembedwa ndi fomu yomweyi, asanu ndi awiri ali ndi mapepala a magazi omata kumbuyo. Asisitala, amenewa ndibwezenso ku kiliniki, kapena ndiwapatse eni ake m'manja?