Chifukwa chake anakana kuwapatsa asipirini bambo anga

"Bambo anga anachita sitiroko, adokotala n'kukana kuwapatsa asipirini asanawajambule mutu. Chifukwa chiyani?"

Limeneli ndi funso ndinafunsa mwezi watha, ndipo tsopano yankho ndili nalo. Sitiroko ili pawiri. Nthawi zambiri magazi amaundana n'kutseka mtsempha wa mu ubongo, koma nthawi zina mtsempha umaphulika, magazi n'kukhuthukira mkati. Kunjaku zimaoneka chimodzimodzi: kamwa kupotoka, mkono kulefuka, mawu osamveka. Chosiyanitsa ndi sikani ya mutu basi. Asipirini amaletsa magazi kuundana, choncho akapatsidwa kwa munthu amene mtsempha waphulika, kukha kwa magaziko kumangowonjezereka.

Chimene chikundiwawa ndi nthawi. Bambo anayamba kulankhula mosamveka 7 koloko m'mawa. Ife tinkati ndi shuga, tinawapatsa tiyi (kulakwa kwinanso, poti sitiroko imasokoneza kumeza ndipo akanatha kutsamwa). Kuchipatala tinafika 3 koloko masana. Sikani inaonetsa kuti mtsempha unatsekeka, sunaphulike. Jakisoni wosungunula magazi oundana, kumene amapezeka, amabayidwa asanathe maola anayi ndi theka. Mbali ya ubongo yosowa magazi imafa pang'onopang'ono, ndiye mukachedwa zopulumutsa zimachepa pomwe chiopsezo choti jakisoniyo akhetse magazi mu ubongo chimakula. Maolawo amawerengedwa kuchokera pamene munthu anaoneka komaliza ali bwino, choncho wodzuka ndi sitiroko amamuwerengera kuyambira pomwe anagona.

Panopa akumwa asipirini, ndipo mkono wayamba kugwira supuni.