Voliyumu ya tsiku lomwe sheya laswa mzere wa mtengo

Munafunsanso: "Sheya lija laswa mzere wa 50, mtengo womwe linkalephera kupitirira, ndi voliyumu yoposa ya masiku onse kasanu. Basi latsimikizika?"

Voliyumu yotere ikungonena kuti masheya ambiri asintha manja pamtengowo. Siinena mbali yomwe yapambana, chifukwa sheya lililonse logulidwa pali wina waligulitsa. Ndiye onani pomwe kandulo, chizindikiro cha pa tchati chosonyeza mmene mtengo wayendera tsikulo, yatsekera.

Tinene kuti avareji ya masiku 20 ndi masheya 200,000, ndipo dzulo panadutsa 1,000,000. Mtengo ukakwera mpaka 53 n'kutsekera pa 52.8, ogula ameza zonse zomwe zinatsatsidwa pamwamba pa mzerewo. Koma ukafika 53 n'kutsekera pa 50.2, kusiya chingwe chachitali pamwamba pa kanduloyo, voliyumu yomweyo ikusonyeza kuti eni masheya ambiri apezerapo mpata wotula katundu. Ineyo kandulo yachiwiriyi ndimaiopa kuposa ya voliyumu yochepa.

Fufuzaninso gwero la voliyumuyo. Malonda amodzi aakulu, kapena tsiku lolengeza phindu la kampani, zimatupitsa nambalayi popanda kuuza chilichonse za mawa.

Mtengo ukabwerera ku 50 voliyumu ikuchepa n'kukana kutsika, pamenepo mpomwe ndimakhulupirirako. Ukatsekera pansi pa 50 voliyumu ili yambiri, kuswako kwalephera.