Titsitse mtengo wa sopo, tipite ku mahotela, kapena tiyambe madzi a m'mabotolo?

Make Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ine ndi mchimwene wanga timapanga sopo wamadzi wotsukira mbale. Timaoditsa m'mashopu, ogula ndi anthu a m'makomo. Malonda sakukwera, sakutsikanso, ndipo makina odzazira mabotolo amangokhala theka la sabata. Ine ndikufuna titsitse mtengo ndi 10 peresenti, kapena tiyambe kugulitsa m'zigubu za malita 20 ku mahotela. Achimwene akuti tiyambe madzi akumwa, poti mabotolo ndi makina tili nazo kale. Ku maphunziro a bizinesi anatijambulira tebulo la Ansoff la zigawo zinayi lija, koma tikamaika maganizo athuwa m'zigawomo timangokangana. Tiyambe chiti?

Che Phiri: Madziwo bwanji mayi. Mashopu ndi omwewo, galimoto ndi yomweyo. Apo mwangosintha katundu basi, msika simunausinthe. Chiopsezo n'chochepa.

Nangondo: Che Phiri mwalondola mbali imodzi. Tebulo limene Igor Ansoff analemba mu 1957 limafunsa zinthu ziwiri: katunduyo ndi wakale kapena watsopano, ndipo omugula ndi akale kapena atsopano. Koma shopu ndi njira chabe. Wogula sopo amagula kamodzi, botolo n'kukhala pasinki masabata angapo. Wogula madzi ali paulendo, ali ndi ludzu, akufuna ozizira, ndiye mpikisano wake ndi wa malo mufiriji. Komanso makina amene adutsa sopo simungadzazire chakumwa. Mufunika makina ena, zosefera, chipinda china, ndi chiphaso cha zaukhondo. Kwa ine zonse ziwiri n'zatsopano, ndi chigawo chachinayi chimenecho.

Za kutsitsa mtengo, Make Tadala, pa 100 iliyonse imene mwagulitsa mumatsala ndi zingati mukachotsa mankhwala, botolo ndi lebulo?

Make Tadala: Ngati 25.

Nangondo: Ndiye onani. Mukatsitsa ndi 10, botolo la 100 lipita pa 90, koma zolowa zikadali 75. Phindu latsika kuchoka pa 25 kufika pa 15. Kuti mupeze ndalama yomwe mukupeza lero, pamene munkagulitsa mabotolo 300 muyenera kugulitsa 500. Ndipo anthu satsuka mbale zambiri chifukwa sopo watchipa. Mabotolo 200 owonjezerawo muyenera kulanda kwa opikisana nawo, amene nawonso angathe kutsitsa mawa lomwe. Kulowerera msika womwe muli nawo kale si mtengo wokha ayi. Werengani kaye mashopu amene amagulitsa sopo wa ena koma wanu mulibe. Ngati ndi ambiri, msikawo sunadzaze, ndi inu amene simunafike.

Bambo Mbewe: Ine matebulo sindiwadziwa, koma ndinkaperekako mankhwala okolopera ku malo ogona alendo. Oda yake ndi yokoma, chigubu chimodzi ndi mabotolo 40 a theka la lita, ndipo simugula mabotolo ndi malebulo onsewo. Vuto ndi malipiro. Amakuuzani kuti mudikire masiku 30, ena mpaka 60, pamene mankhwala munagula ndi kashi. Mpamba ukakhala wochepa, oda yaikulu ndiyo imakugwetsani.

Mtsikana wa Nambala: Pepani, ine ndimamva ngati chigubu ndi katundu watsopano? Poti si botolo lija.

Nangondo: Ngati sopo wam'katimo ndi yemweyo, ine ndimati mwangosintha msika. Koma akakuuzani kuti akufuna wosachita thovu wa m'makina otsukira mbale, pamenepo mwayamba kupanga chinthu china, ndipo mwasamuka chigawo osadziwa. Funsani zimenezo musanalonjeze. Muyambe ndi makhitchini awiri kapena atatu. Oda yoyamba isakunyengeni, anthu amayesa chilichonse. Muone ngati aitanitsanso okha, komanso ngati alipira pa tsiku lomwe munagwirizana.

Che Phiri: Koma musaopseze anthu. Bic inayamba ndi zolembera, mu 1973 n'kuyamba malaita, mu 1975 malezala. Akanamvera inu bwenzi akugulitsabe mabolopeni okha.

Nangondo: Zoona, koma zonsezo ndi tinthu tapulasitiki totchipa, topangidwa tambirimbiri, luso lake limodzi. Bic yomweyo inayesa mafuta onunkhira, sizinayende. Tebuloli silionetsa luso limene mungasamuke nalo, muyenera kudzifunsa nokha. Kuchoka pa sopo kupita ku madzi, musamuka ndi chiyani kupatula galimoto?

Che Phiri: Galimoto ndi eni mashopu okudziwa si zazing'ono, mayi.

Make Tadala: Zikomo nonse. Za mtengo ndazisiya. Achimwene awerenga, akuti za madzi sanagonje. Bambo Mbewe, kodi amahotela amavomera kulipirako theka polandira katundu, kapena ukatero amangopita kwa wina?