Seketi ya BCD kupita ku XS-3 ikutulutsa 7 switchi itazulidwa

Mphatso wa ku Rosettenville: Akuluakulu, ndithandizeni. Pa fakitale ina ku Germiston pali makina akale owerenga makatoni, ndipo bodi yake imalandira nambala mu XS-3, kodi yomwe nambala iliyonse imawonjezeredwa 3, pomwe switchi yopukusa ndi chala imatulutsa BCD. Kabodi kosinthira kamene kanali pakati kanapsa, bwana wandiuza ndipange kena. Zolowa ndazitcha A B C D, wamkulu ndi A. Zotuluka ndi W X Y Z. Manambala 10 mpaka 15 ndawaika ngati madonti keya, kutanthauza osasamala chomwe atulutse, pa mapu a Karnaugh, ndapeza izi:

```
W = A + BC + BD
X = B'C + B'D + BC'D'
Y = CD + C'D'
Z = D'
```

Pa buledibodi 0 mpaka 9 zonse zikuyenda bwino. Koma ndikazula kanekita ya switchi, makina sakudandaula ayi, akungowerenga ngati ndasankha 7. Vuto lili pa mapu kapena pa mawaya?

aBanda a ku Turffontein: Amwene, madonti keya aja mwawazunguliza onse? Ife tinaphunzira kuti donti keya aliyense pa mapu umamutenga ngati 1. Pa mapu a X otuluka ndikuona mwasiya 13, 14 ndi 15 kunja. Onjezani gulu la AB muone.

Nachisale: aBanda, hafu yake mwalondola. Donti keya umamutenga ngati 1 pokhapokha akukulitsa gulu lomwe lili kale ndi 1 weniweni. Onani W: ma 1 enieni ali pa 5, 6, 7, 8 ndi 9. Popanda madonti keya mukanalemba A'BD + A'BC + AB'C', mageti a miyendo itatuitatu. Koma 8 ndi 9 mukawaphatikiza ndi 10 mpaka 15, gulu la mabokosi asanu ndi atatu limasiya A yekha. 5 ndi 7 atenga 13 ndi 15 kukhala BD, 6 ndi 7 atenga 14 ndi 15 kukhala BC. Phindu lake ndi limenelo. Gulu la AB pa X likhala la madonti keya okhaokha, 12 mpaka 15, silikuphimba 1 aliyense amene tikumufuna. Mungowonjezera geti yopanda ntchito. Mapu a Mphatso ali bwinobwino.

Yamikani: Ine ndinapangapo yomweyi ku koleji. Madonti keya si 0, 1, 2 ndi 13, 14, 15?

Nachisale: Imeneyo ndi yobwerera, Yamikani, yochoka ku XS-3 kupita ku BCD. Kuno zolowa ndi BCD, choncho zosayembekezeka ndi 1010 mpaka 1111.

Madala Phiri: Mwana wanga Mphatso, seketi yako ikuchita zomwe unailamula. Miyendo yolowa ya matchipi a 74LS ikasiyidwa osalumikiza imawerengedwa ngati 1, ndipo ngati unaika marezisita okokera ku 5 V ndiye n'chimodzimodzinso. Ukazula kanekita, seketi ikuona 1111. Tsopano lowetsa 1111 m'masamu ako. W ndi 1 chifukwa A ndi 1. X ndi 0, pakuti B' ndi 0 ndipo C'D' ndi 0. Y ndi 1 chifukwa cha CD. Z ndi 0. Watulutsa 1010, ndipo 1010 mu XS-3 ndi 7 weniweni, 7 kuphatikiza 3. Makinawo sangadziwe kuti ndi yabodza.

Pa pepala tinalemba X kuti sitikusamala, koma geti ilibe X. Pamene unajambula magulu, bokosi lililonse lomwe linalowa m'gulu linasanduka 1, lotsala kunja linasanduka 0. Nazi zonse zisanu ndi chimodzi:

```
ABCD   WXYZ
1010   1101
1011   1110
1100   1111
1101   1000
1110   1001
1111   1010
```

Zitatu zoyambazo sizindidetsa nkhawa, chifukwa 1101, 1110 ndi 1111 mu XS-3 mulibe, bodi yolandira ikhoza kuzikana ngati imayang'ana. Zitatu zomalizazo ndiye zoopsa: zikutuluka ngati 5, 6 ndi 7. Ndipo si kuzula kanekita kokha. Waya wa A yekha ataduka, ukasankha 5 seketi iona 1101 n'kutulutsa 1000, yomwe ndi 5 yemweyo, ukasankha 0 iona 1000 n'kutulutsa 1011, yomwe ndi 8. Vuto lotere limavuta kulipeza chifukwa manambala ena akulondola.

Mphatso wa ku Rosettenville: Zikomo madala, ndayesa ndi mita, miyendo yonse inayi ili pamwamba ndikazula. Ndiye ndifufute madonti keya, ndiike 0 ponsepo?

Madala Phiri: Ungathe, pamenepo chilichonse cholakwika chidzatulutsa 0000, koma mageti achuluka kwambiri. Ine ndingasiye mapu momwe alili n'kuwonjezera chotuluka chachisanu chonena kuti zolowa ndi zolakwika. Nambala yoposa 9 ndi yomwe A ali 1 pamodzi ndi B kapena C. Ndiponso masamu ako akhoza kufupika, chifukwa C + D akupezeka mu W ndi mu X yemwe:

```
T = C + D
W = A + BT
X = B XOR T
Z = D XOR 1
Y = C XOR Z
E = A(B + C)
```

Werenga: OR zitatu, AND ziwiri, XOR zitatu. 74LS32 imodzi, 74LS08 imodzi, 74LS86 imodzi, ndipo iliyonse ili ndi mageti anayi, zikwana. E umuike pa kanyale kofiira kapena pa chingwe choimitsa makina. Koma dziwa kuti E sagwira waya umodzi woduka nthawi zonse. 0 uja wosanduka 8 adutsa, popeza 1000 ndi BCD yovomerezeka.

Gift wa ku Wynberg: Bwanji mukuvutika ndi matchipi atatu? XS-3 ndi kungowonjezera 3 basi. Tengani tchipi yowonkhetsa ya 74LS283, mbali imodzi BCD, mbali ina mumange 0011, C0 ku giraundi. Tchipi imodzi, ntchito yatha, mwakwera takisi kubwerera ku Rosettenville kusanade.

Nachisale: Apa Gift wanena zoona, ndipo pali ubwino wina womwe sanautchule. Pa 74LS283, 13, 14 ndi 15 zimatuluka 0000, 0001 ndi 0010, C4 n'kukwera. 10, 11 ndi 12 zimatuluka 1101, 1110 ndi 1111. Zonse zisanu ndi chimodzi zagwera pa makodi omwe XS-3 sagwiritsa ntchito, palibe yobisala ngati nambala yabwino. Kusiyana ndi seketi ya mapu kuli pa W pokha: yowonkhetsa imapanga A XOR BT, ya mapu imapanga A + BT. Ziwirizi zimasiyana pokhapo A ndi BT onse ali 1, ndiye pa 13, 14 ndi 15 paja. Mphatso, pa 74LS86 ya madala patsala geti imodzi. Ikani W = A XOR BT, 1111 itulutsa 0010 m'malo mwa 1010.

Madala Phiri: Zimenezo ndavomera, mayi, ndipo sizikudya tchipi ina. Koma E ndisamuchotse. Sitikudziwa ngati bodi yakaleyo imakana 0010 kapena imangoimeza. Kauntala yake ikangolowetsa chilichonse chomwe yapatsidwa, 0010 ikhoza kuchita zachilendo kuposa 7.

aBanda a ku Turffontein: Nanga popukusa switchi kuchoka pa 7 kupita pa 8? 0111 kukhala 1000, mabiti onse anayi akusintha. Zitsulo zake sizigunda nthawi imodzi, ikhoza kudutsa pa 1111 kwa kanthawi. E wanuyo saimitsa makina nthawi iliyonse munthu akasintha nambala?

Madala Phiri: Funso labwino limenelo, aBanda. Zitengera ngati bodi imawerenga switchi nthawi zonse kapena pokhapokha akadina batani loyambira. Ngati ndi pa batani, E amangidwe ndi batanilo pa AND, patsala mageti awiri pa 74LS08. Ngati imawerenga mosalekeza pafunika kumuchedwetsa pang'ono, mwina ndi rezisita ndi kapasita kutsogolo kwa 74LS14.

Gift wa ku Wynberg: Ndiye matchipi afika anayi. Ine ndikadali pa 74LS283.

Mphatso wa ku Rosettenville: W ndamusintha kale pa buledibodi, ndikazula kanekita ikutulutsa 0010. Lolemba ndikalowetsa 0010 pa makina enieniwo opanda makatoni ndione chomwe bodi ichite, ndikatsatanso chingwe cha batani ndione komwe chikulowa. aGift, 74LS283 ndilibe m'bokosi mwanga, ngati muli nayo yotsala mundisungire.