Ndithandizeni kuzindikira nyimbo iyi, pepala lake lilibe mutu

Moni nonse. Ndili ku Area 25. Bambo anga anatisiya chaka chatha, ndipo tikulongosola katundu wawo tinapeza pepala la nyimbo lopindidwa panayi mkati mwa Baibulo lawo. Ndi fotokope yakale, yachita kufiira, ndipo pamwamba pomwe pamakhala mutu panadukira pa makina. Mawu palibenso, ndi manoti okhaokha. M'mbali analemba ndi pensulo kuti "pang'onopang'ono". Anayimba tena mu kwaya zaka zambiri, ndiye ndikufunitsitsa kuti pa mwambo wa chiliza chawo mwezi wa mawa tikayimbe nyimbo imeneyi.

Ine ndimawerenga solofa basi, za mizere isanuzi sindizitha. Zomwe ndikuona ndi izi: koyambirira kuli shapu imodzi pa mzere wapamwamba, kenako 3 pamwamba pa 4. Noti yoyamba ili yokha, kenako mzere woimirira. Ndiyambire pati?

Mnyamata wa kiyibodi, Kawale: Pepani ndi zovutazo achemwali. Shapu imodzi ndi kiyi G. Nyimbo ya mu G, ya 3/4, yoyamba ndi noti imodzi yotsogolera, imeneyo ndi Amazing Grace. Ndayiyimba kambirimbiri, musavutike n'kufufuza.

Bambo wina, Biwi: Koma shapuyo si akuti ili pa mzere wa F? Ndiye kiyi F imeneyo.

Mphunzitsi wa kwaya wopuma, Area 18: Ayi bambo, shapuyo ili pa F inde, koma noti yomwe pali shapu yomaliza ndiye t. Mukakwera sitepe imodzi mwapeza d, ndiye d ndi G. Mnyamata wathu walondola pamenepo. Pomwe wathamanga ndi pa dzina. Nyimbo za mu G zoyenda katatukatatu zilipo zambirimbiri, ndipo kiyi ndi mboni yosadalirika, chifukwa buku lina limatsitsa nyimbo, lina n'kuikweza, malingana ndi mawu a oyimba.

Mayi, ndichitireni zinthu ziwiri. Choyamba pitani kumapeto kwenikweni, pa mizere isanu yam'munsi ya tena ndi besi, mundiuze pomwe noti yotsikitsitsa yakhala. Shapu imodzi yomweyo imagwiranso nyimbo zothera pa l, zachisoni zija, ndipo zikatero noti yomaliza ya besi imakhala E. Chachiwiri, tengani manoti apamwamba okha a sopurano, mundiwerengere khumi oyambirira. Mizere muziiwerenga kuchokera pansi. Munenenso ngati noti ili yoyera mkati kapena yakuda.

Wofunsa: Zikomo abambo. Yomaliza ya besi ili pa mzere woyamba pansi. Za sopurano: yoyamba yakuda, ikulendewera pansi pa mzere woyamba. Yachiwiri yoyera, pa mzere wachiwiri. Yachitatu yakuda, pa mzere woyamba. Yachinayi yoyera, yabwerera pomwe panali yoyamba. Kenako ziwiri zakuda zolumikizana ndi kamtanda, ina pa mzere wachiwiri, ina pa mpata wa pamwamba pake. Kenako yoyera pa mzere wachitatu, yakuda yotsika sitepe imodzi, ndi yoyera pa mzere wachiwiri. Zakwana zisanu ndi zinayi, pamenepo pali kachizindikiro ngati kopumira.

Mayi wina, Chinsapo: Bwanji osangojambula mawu mukuyimba n'kutumiza pano? Tikangomva tiidziwa.

Wofunsa: Vuto ndi lomwelo amayi, sindikudziwa kuti imamveka bwanji. Ndikanaidziwa sindikanafunsa.

Mphunzitsi wa kwaya wopuma: Tsopano muimva. Besi yathera pa G, ndiye d ndi G ndithu. Mzere wachiwiri ndi d wanu. Zomwe mwawerengazo mu solofa ndi izi:

```
:s, | d :- :l, | s, :- :d.r | m :- :r | d :-
```

Iyimbeni pang'onopang'ono monga analembera bambo anu. Ndiye yerekezani ndi ya mnyamata uja:

```
:s, | d :- :m.d | m :- :r | d :- :l, | s, :-
```

Manoti awiri oyamba ndi amodzi, kayendedwe n'kamodzi, n'chifukwa chake anasokonezeka. Zimasiyana pa noti yachitatu: yake imakwera kupita pa m, yanu imatsika kupita pa l wapansi. Ndipo mzere woyamba wake umathera pa s, pomwe wanu wabwerera kunyumba pa d.

Yanuyi ndaizindikira, dzina la chuni chake ndi Martyrdom. Inachokera ku Scotland, anaikonza kukhala ya tchalitchi ndi Hugh Wilson cha m'ma 1800. Kuti mutsimikize musanandikhulupirire, mzere wachiwiri wa nyimboyo uyenera kukhala m s m.r d m r. Taonani ngati zili choncho.

Pali chinanso chomwe chimasocheretsa anthu. Wilson anailemba yoyenda kawirikawiri, ndipo ya katatuyi inasindikizidwa mu 1825 ndi Robert A. Smith. Ndiye mukaipeza m'buku lina ilibe 3/4 musaikane. Manambala akoyambirirawo amasintha, kiyi imasintha, chomwe sichisintha kwenikweni ndi mndandanda wa solofa.

Wofunsa: Ndaona, mzere wachiwiri ukukwera kuchoka pa mzere wachitatu kufika wachinayi n'kuyamba kutsika, monga mwanenera. Ndaiyimba kukhitchini kuno ndipo mayi anga atuluka kuchipinda akuti bambo ankaing'ung'udza akamasita malaya Loweruka madzulo. Misozi yatuluka tonse. Koma mawu sakuwakumbukira. Mawu ake ndi ati?

Mphunzitsi wa kwaya wopuma: Apa ndiye pepala silingatiuze. Chuni ndi mawu ndi zinthu ziwiri, chuni chimodzi chimanyamula nyimbo zingapo. Werengani maphatikizo: mzere woyamba uli ndi manoti 9 koma d.r zija ndi phatikizo limodzi, ndiye 8. Wachiwiri 6. Nyimbo yonse ndi 8.6.8.6, yomwe mabuku amalemba C.M. Ndakatulo iliyonse ya muyeso umenewu ikwana, ngakhale ya Amazing Grace yomweyo. Tengani buku la nyimbo la mpingo wanu, muone zomwe zalembedwa C.M. pansi pa nambala, muziyesa imodziimodzi mayi akumvetsera.

Mtsikana wa ku koleji: Kwa ena omwe alibe aphunzitsi pafupi, pa Hymnary.org machuni amawalemba ndi manambala, d ndi 1, r ndi 2, mpaka t 7. Iyiyi imayamba 51651 23213. Sasiyanitsa s wapansi ndi wapamwamba, ndipo kiyi sikuvutitsani.

Wa gitala, Area 36: Ine ndili ndi vuto lofanana. Tsamba langa lili ndi makodi okha, G C G D, kubwereza. Ingakhale nyimbo yanji?

Mnyamata wa kiyibodi: Achimwene, makodi amenewo ndi theka la makorasi a mu Lilongwe muno. Popanda chuni simuipeza. Ndipo abambo, ndavomera za noti yachitatu, koma ine ndikuti akayimbe mawu a Amazing Grace pa chuni chimenechi, si akukwana?

Mphunzitsi wa kwaya wopuma: Akukwana mwanangu, koma si omwe mayiwa akufuna. Mayi, kodi mwa omwe ankayimba nawo tena alipo wamoyo? Mukamuyimbire mzere woyamba wokha n'kusiya, muone ngati pakamwa pake sipapitiriza pokha.

Wofunsa: Alipo mmodzi, mdala wa ku Mgona, koma makutu anayamba kuvuta. Ndipita Lamulungu tikaweruka mapemphero, pepala ndinyamula. Pakali pano ndikulemba solofa ya mawu onse anayi. Abambo, pa mizere ya besi ija d wa tena ali pati?